Mwana akamamenyetsa mutu, kudzigwedeza kapena kukukuta mano pogona: mafunso ndi mayankho

Mwana wanga wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri ndikamugoneka amagwada n'kumadzigwedeza, kenako amamenyetsa mutu pamatiresi. Kodi wadwala m'mutu?

Ngati masana amasewera, amadya ndipo akukula bwino, nthawi zambiri si matenda. Ndi njira imene ana ambiri amadzinyengerera nayo kuti tulo tibwere. Mwana amene wazolowera kugona ali kumbuyo, mayi akuyenda kapena akusinja, akagonekedwa pansi amadzipangira yekha kugwedezeka kuja.

Kudzigwedeza kumayamba mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo kumenyetsa mutu kumabwera pambuyo pake, cha pa miyezi 9. Pa msinkhu umenewu ana oposa theka amachitako zoterezi, kungoti ena amachita pang'ono moti makolo sazindikira. Pali ogona chafufumimba n'kumadzutsa mutu ndi kuugwetsa, pali okhala tsonga n'kumagunditsa nkhongo kukhoma, ndiye pali ongopukusa mutu uku ndi uku atagona chagada, mwinanso akung'ung'udza. Kumenyetsa mutu kumapezeka kwambiri mwa anyamata. Ambiri amasiya okha akamafika zaka zitatu, ndipo pofika zaka zisanu amatsala ochepa kwambiri.

Chizindikiro chake ndi nthawi komanso kachitidwe. Zimachitika tulo tikamayamba, kapena mwana akadzidzimuka pakati pa usiku n'kumafuna kugonanso. Amabwereza mofanana, pafupifupi kamodzi kapena kawiri pa sekondi, ndipo kawirikawiri sizipitirira mphindi 15.

Ndingasiyanitse bwanji ndi kukomoka kapena khunyu?

Funso ili ndiye lofunika kuposa onse, makamaka kuno kumene malungo amakomola ana ambiri. Choyamba mukhudzeni ndi kumutchula dzina. Mwana amene akungodzigwedeza amaima kaye, amakuyang'anani kapena kulira, ngakhale atayambiranso mukachoka. Amene wakomoka simungamuimitse pomugwira: thupi limauma kapena kukokeka lokha, maso amatembenuka kapena kungoti tong'o, mwina kukamwa kumatuluka thovu, milomo n'kuda, ndipo zikatha amafooka kwambiri osadzuka bwinobwino.

Chachiwiri, mugwireni pachipumi ndi pamimba. Chizolowezi chodzigwedeza sichibwera ndi kutentha thupi. Mwana wotentha thupi amene akukokeka, waluma mano mwamphamvu kapena sakuyankha, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku.

Khanda losakwana chaka limene limangoti mwadzidzidzi mutu weramu, manja tambasu, kangapo motsatizana likangodzuka kumene, nalonso lionedwe kuchipatala msanga, chifukwa pali mtundu wa khunyu wa makanda umene umaoneka choncho. Mukakayikira, jambulani kavidiyo pafoni, nkhope ndi thupi lonse zikuoneka. Adokotala amapeza zambiri pa kavidiyo ka mphindi imodzi kuposa pa kufotokoza kwathu, poti mwana akafika kuchipatala sachitanso.

Sangavulale ubongo?

Mwana wabwinobwino sadzimenyetsa mpaka kuvulaza ubongo; zikayamba kuwawa amachepetsa yekha. Zimene zimaoneka ndi tsitsi kuthothoka pamalo amodzi, kachotupa kapena khungu kukhakhala pachipumi. Ngozi yeniyeni ili pa malo ogonawo. Bedi lamatabwa likamagwedezeka usiku uliwonse, misomali ndi mabawuti zimamasuka, choncho muziona ndi kumanga sabata iliyonse. Chotsani bedi, matiresi kapena mphasa kukhoma kuti mutu usafikeko, koma musasiye kampata kamene mwana angapanikizikemo. Zingwe za neti zikhale pamwamba pamene sangafike.

Makolo ambiri amathamangira kuunjika mapilo ndi mabulangete. Kwa mwana wosakwana chaka musatero ayi, chifukwa zofewazo zingamutseke mphuno ndi kukamwa, ndipo ngozi imeneyo ndi yaikulu kuposa kachotupa ka pachipumi. Kwa wamkulupo, mapilowo amangowakankha n'kupeza polimba pomwe akufuna.

Ndimuletse kapena ndimuleke?

Kumukalipira ndi kumumenya sikuthandiza, poti theka lake amakhala ali kale m'tulo. Ndiponso mukamathamangirako nthawi iliyonse n'kumunyamula, mwana wochenjera amaphunzira kuti akamenyetsa mutu amayi amabwera. Chimene mungasinthe ndi nthawi imene amakhala pogona ali maso, chifukwa ndi pamene zimachuluka.

Titenge mwana wa miyezi 14 wa m'funso loyamba uja. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika maola 11 mpaka 14 a tulo pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Tinene kuti amagona masana kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko, ndiye mukumugoneka 6:30 madzulo kukangoda. Apa wakhala maso ola limodzi ndi theka lokha, tulo alibe, ndipo adzigwedeza nthawi yaitali. Bwezani tulo ta masana kuti tiziyamba cha m'ma 12:30 n'kutha isanakwane 3 koloko, ndipo muzimugoneka cha m'ma 7:30. Theka la ola lomaliza likhale lofanana tsiku lililonse: kusamba, kuyamwa kapena kudya, kanyimbo mukumugwedeza pamiyendo, kenako pogona. Yesani milungu iwiri. Musayembekeze kuti asiyiratu. Mphindi 15 zikatsika kufika pa zisanu, zayenda. Musapitirirenso muyezo, chifukwa mwana wotopa kwambiri nayenso amadzigwedeza kwambiri.

Ngati wayamba mwadzidzidzi, akulira ndi kukoka khutu, kapena khutu likutuluka mafinya, akhoza kukhala kuti akumva ululu. Akamuone m'khutu.

Nanga kukukuta mano? Agogo ake akuti ndi njoka za m'mimba.

Agogo sali okha pa maganizo amenewa, koma kukukuta pakokha si umboni wa njoka. Ana ambiri opanda njoka amakukuta, ndipo ambiri a njoka sakukuta. Mankhwala a njoka amene amaperekedwa kusikelo kuyambira chaka chimodzi mwana alandire pa nthawi yake, koma musamagule ena mobwerezabwereza chifukwa cha phokoso la mano.

Kukukuta kumayamba mano a m'mwamba ndi a m'munsi akayamba kukumana, chakumapeto kwa chaka choyamba, ndipo kumabweranso mano a m'mbali akamamera. Kumachitika tulo tikapepuka kwa masekondi ochepa, mwana osadziwa chilichonse. Phokosolo limanyansa, koma mano oyambawa, amene amakwana 20 pofika zaka zitatu, amangoperepeseka pang'ono m'nsonga, ndipo ana ambiri amasiya manowa akamayamba kuguluka cha pa zaka 6. Zotchingira mano zovala usiku zimene akuluakulu amapatsidwa sizipatsidwa kwa ana aang'ono chonchi, chifukwa nsagwada zikukulabe. Kwa dokotala wa mano mupiteko ngati dzino lasweka, mano afupika mooneka, kapena mwana akukana zozizira ndi zotentha chifukwa cha kuwawa.

Chimene timafuna mumvetsere kwambiri ndi kapumidwe kake. Mwana wokukuta amene amalizanso mkonono pafupifupi usiku uliwonse popanda chimfine, amagona kukamwa kuli yasa, kapena amaima kupuma kenako n'kubanika, akhoza kukhala ndi zotupa kukhosi kapena kuseri kwa mphuno zimene zikutchinga mpweya. Zimenezo zimachizika, ndipo zimafunika kuonedwa.

Ndi liti pamene chizolowezi chodzigwedeza kapena kumenyetsa mutu chimasonyeza vuto la kakulidwe?

Chikamachitika kwambiri masana mwana ali maso, osati pogona pokha kapena atapsa mtima, ndipo pali zinanso: satembenuka mukamutchula dzina, sakuyang'anani m'maso, saloza chinthu ndi chala, alibe liwu ndi limodzi lomwe pofika chaka ndi theka, kapena waiwala mawu amene ankanena. Chimodzimodzi ngati akudzivulaza mpaka magazi, kapena zikupitirira mwamphamvu atadutsa zaka zitatu. Tengani buku la kusikelo ndi kavidiyo kaja, ndipo mupemphe kuti amuyezenso makutu ndi maso.