Geni majini ndi fezi majini siziwerengedwa pamalo amodzi

Cholakwa chimene ndatopa nacho ndi ichi: munthu atenga galafu ya Bode, yoonetsa mmene geni, kukula kwa chotuluka poyerekeza ndi cholowa, ndi fezi, kutsalira kwa chotulukacho m'madigiri, zimasinthira fulikwensi ikamakwera, apeza pamene mzere wa geni wadula 0 dB, ndiyeno pompo awerenga zonse ziwiri, geni majini ndi fezi majini. Pamalo amenewo geni ndi 0 dB kale, tsono geni majini mukuipeza bwanji? Majini ndi mpata wotsala makina asanayambe kugwedezeka kosaleka, ndipo iliyonse ili ndi fulikwensi yakeyake. Malowo mumawapeza pa galafu imodzi, koma yankho mumakaliwerenga pa inzake.

Titenge mota yotembenuza chinthu kuti chiime pamene tikufuna. Lupu yake yotseguka, ndiye kuti tisanabweze chimene sensa yayeza kuti chiwongolere motayo, ndi iyi:

`L(s) = 2 / (s(s+1)(0.1s+1))`

Ndati yotseguka. Amene amajambula lupu yotseka n'kuyamba kuyeza majini akuyeza chinthu china.

Yambani pa galafu yapamwamba, ya geni. Mzere ukudula 0 dB pa 1.24 rad/s. Ikani lula choimirira pamenepo, mutsike molunjika kufika pa galafu ya fezi. Mupeza madigiri −148, chifukwa `s` yokhayo ikuchotsa 90, `(s+1)` ikuchotsa 51, ndipo `(0.1s+1)` ikuchotsa 7. Kuchoka pa −148 kukafika pa −180 patsala madigiri 32. Imeneyo ndiye fezi majini.

Tsopano bwererani mbali ina. Pa galafu yapansi pezani pamene fezi yafika pa −180, apa ndi pa 3.16 rad/s, ndipo mukwere ndi lula kukafika pa geni. Mzere uli pa −14.8 dB. Mpata wotsala kuti ufike pa 0 dB ndiye geni majini, 14.8 dB, ndipo imalembedwa yopanda chizindikiro chochotsera. Tanthauzo lake n'lakuti 2 uja mukhoza kumuchulukitsa ka 5.5, afike pa 11, makina asanayambe kugwedezeka kosaleka. Ogwiritsa ntchito MATLAB chenjerani: `[Gm,Pm] = margin(L)` ikupatsani `Gm` ya 5.5, osati 14.8, chifukwa siili mu dB. Muisandutse nokha ndi `20*log10(Gm)`.

Onaninso pamene 3.16 wagwera: pakati penipeni pa 1 ndi 10. Mzere wa fulikwensi suyenda ngati tepi ya telala. Pakati pake si 5.5 ayi, ndipo 2 amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtundawo. Mukawerenga ngati tepi, 1.24 uja mudzamutcha 1.9, ndipo masamu otsatira onse adzapotoka.

Ena akaona 14.8 dB amakhutira, poti ambiri amafuna 6 dB kupita m'tsogolo. Koma madigiri 32 ndi ochepa. Mota yotereyi mukailamula kuti itembenuke, imapitirira malo ake ndi pafupifupi magawo awiri mwa asanu a mtunda umene munailamula, ibwerere, ipitirirenso pang'ono, kenako ikhazikike. N'chifukwa chake ambiri amafuna madigiri 45 mpaka 60. Majini imodzi yabwino siphimba inzake yofooka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchedwa. Sensa imatenga nthawi kuti ipereke chimene yayeza, kakompyuta kamatenga nthawi kuwerengetsa, uthenga umachedwa panjira. Kuchedwa kotere sikusuntha mzere wa geni ngakhale pang'ono. Galafu yapamwamba imaoneka monga inalili, pamene yapansi ikugwa, ndipo imagwa kwambiri fulikwensi ikamakwera. Fezi yotayika ndi fulikwensi kuchulukitsa ndi nthawi yochedwayo, yankho lili m'marediyani.

Tiyese masekondi 0.2 okha. Pa 1.24 rad/s tikutaya marediyani 0.25, amene ndi madigiri 14. Fezi majini yatsika kuchoka pa 32 kufika pa 18 kapena kucheperapo pang'ono. Geni majini nayo siipulumuka, chifukwa fezi tsopano ikufika pa −180 msanga, cha pa 1.74 rad/s, pamene geni ikadali pamwamba. Zotsala ndi 5 dB basi, kuchoka pa 14.8. Palibe amene wakhudza geni, koma makina ali m'mphepete mwa phompho.

Choncho mukapeza fezi majini musaime pamenepo. Isandutseni kukhala marediyani, mugawe ndi fulikwensi imene munaiwerengerapo. Madigiri 32 ndi marediyani 0.55, kugawa ndi 1.24 kukupereka masekondi pafupifupi 0.45. Kuchedwa kukafika pamenepo mota siikhazikikanso.

Ndipo wina akabwera n'kunena kuti angopotokola geni mpaka makina amveke bwino, m'funseni kuti kuchedwa kwa sensa wakuyeza kapena wangoganizira. Ngati galafu yake yachokera pa masamu opanda kuchedwako, majini amene akukuonetsani ndi a mota ya papepala. Yezani kuchedwa pa makina enieniwo, mukuike mu `L(s)` ngati `exp(-s*T)`, pamene `T` ndi nthawi yochedwayo, mujambulenso, ndipo muwerenge majini onse awiri kachiwiri musanalumikize katundu ku motayo.