Bondi yopanda kuponi nayo ili ndi phindu

"Bondi yosalipira chiwongoladzanja pachaka, ndiigulirenji? Si kungosungitsa ndalama kwaulere?"

Bondi ndi chikalata chosonyeza kuti mwabwereketsa ndalama kwa boma kapena kampani, ndipo kuponi ndi chiwongoladzanja chomwe bondiyo imalipira nthawi ndi nthawi. Ngakhale popanda kuponi, phindu lilipo ndithu, koma labisala mumtengo wogulira. Mabilu a boma a masiku 91, 182 ndi 364 omwe Banki Yaikulu ya Malawi imagulitsa amayendanso motero: mumagula motsika, n'kudzalandira ndalama yathunthu pamapeto.

Tiyerekeze kuti bondi idzakupatsani K100,000 pakatha zaka ziwiri, ndipo chiwongoladzanja pamsika ndi 20 peresenti pachaka. Gawani K100,000 ndi 1.2 kawiri, kamodzi pa chaka chilichonse. Mtengo wake lero ndi K69,444, phindu lanu K30,556.

Inzake ya zaka ziwiri zomwezo, yolipira kuponi ya K20,000 pachaka n'kudzabweza K100,000 pamapeto, timaiwerengera ndalama iliyonse payokha. K20,000 ya chaka choyamba lero ndi K16,667, ndipo K120,000 ya pamapeto ndi K83,333. Pamodzi K100,000. Zonse ziwiri zikubala 20 peresenti; palibe yoposa inzake.

Pomwe ndimafuna anthu asamale ndi apa. Chiwongoladzanja chikakwera kufika 25 peresenti mutangogula, yopanda kuponi imatsika kufika K64,000, kutaya pafupifupi 7.8 peresenti. Ya kuponi imafika K92,800, kutaya 7.2 peresenti yokha, chifukwa ndalama ina imabwera msanga. Zaka zikachuluka, kusiyanaku kumakula kwambiri, ndipo wogulitsa nthawi isanakwane ndiye amalira.

Ya kuponi nayo ili ndi vuto lake. Kuti K100,000 yanu ibaledi 20 peresenti pachaka n'kufika K144,000 pakatha zaka ziwiri, K20,000 yoyamba ija muyenera kuibzalanso pa 20 peresenti, ndipo msika sulonjeza zimenezo.