Uthenga ukati mtengo watsika, funsani kuti watsika kuchokera pati

Masamba ambiri ogulitsa katundu pa intaneti ali ndi kabatani koti mukakadina, azikutumizirani uthenga pafoni kapena pa imelo mtengo wa chinthu ukasintha. Pa Google Flights, tsamba loyerekezera mitengo ya matikiti a ndege, kabataniko kalembedwa kuti Track prices. Skyscanner ndi Kayak, masamba a ntchito yomweyo, alinso ndi kawo, ndipo kwa ogula pa Amazon pali masamba apadera monga Keepa ndi CamelCamelCamel omwe ntchito yawo ndi kulondola mitengo basi. Chida chimenechi ndi chabwino, ndipo ine ndimauza anthu kuti azichigwiritsa ntchito. Koma chimene chimandidetsa nkhawa pa ntchito yanga yolangiza anthu za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama n'chakuti ambiri amachitchera kuti chiwathandize kudikira, kenaka n'kukhala chomwecho chimene chawagulitsa katundu nthawi isanakwane.

Gwero la vutoli ndi lakuti mauthengawa ali mitundu iwiri, ngakhale pafoni amalira chimodzimodzi. Mtundu woyamba umakuuzani kuti mtengo wasintha. Ukatsika pang'ono foni yalira, ukakwera yaliranso. Mtundu wachiwiri umakhala duu mpaka mtengo utafika pa nambala imene inuyo munalemba nokha. Woyambawo ndi umene masamba ogulitsa amakonda, ndipo chifukwa chake sichobisika: wogulitsa amapindula mukagula lero, osati mukagula motchipa. Ngakhale masamba oyerekezera mitengo, ambiri amalandira komishoni munthu akadina ulalo wawo n'kukagula. Sindikunena kuti amanama. Mtengo umene akuuzaniwo kawirikawiri umakhala woona. Chimene sakuuzani n'chakuti kodi mtengowo ndi wabwino kwa inu kapena ayi, ndipo funso limeneli palibe angakuyankhireni.

Choncho ntchito yeniyeni imachitika musanadine kabatani. Muyenera kukhala ndi zinthu ziwiri zolemba penapake: mtengo umene mudzagulire, ndi tsiku lomaliza limene simungadikirenso kupitirira apo.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, manambala ake akhale a ndalama ya dziko lililonse. Mayi wina akufuna laputopu chifukwa maphunziro ake ayamba pakatha milungu 10. Imene waisankha ikugulitsidwa 800, ndipo pambali pake pali nambala ina yokhwatchidwa, 950. Asanachite chilichonse, mayiyu atsegule tsamba losonyeza mbiri ya mtengo wa laputopuyo, aone mzere wa miyezi 12 yapitayo. Tinene kuti wapeza izi: masiku ambiri mtengo unkayenda pakati pa 740 ndi 800, katatu pachakacho unatsika kufika pakati pa 650 ndi 670 n'kukhalapo masiku angapo, kamodzi kokha unagwa mpaka 610, koma kwa maola ochepa. Ndipo 950 uja sakuoneka paliponse pamzerewo, kupatula sabata imodzi laputopuyo itangotuluka kumene.

Apa anthu amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amatchera pa 780, pafupi kwambiri ndi mtengo walero, moti foni imalira mawa lake lomwe. Ena amatchera pa 610, pansi penipeni, n'kumadikira chinthu chimene chinachitika kamodzi ndipo mwina sichidzachitikanso. Malo oyenera ndi pamene mtengo wafikapo kangapo, osati kamodzi. Kwa mayiyu ndi 670. Nambala imeneyi ikhale ya zonse pamodzi, kuphatikiza ndalama yotumizira katundu ndi msonkho, chifukwa mauthenga ambiri amangotchula mtengo wa chinthucho pachokha. Tsiku lomaliza nalo n'losavuta kupeza: ngati katundu angatenge milungu iwiri panjira, ndiye kuti pofika kumapeto kwa sabata yachisanu ndi chitatu ayenera kukhala atagula, mtengo utsike usatsike.

Sabata yachiwiri, pulogalamu ya sitolo ija yatumiza uthenga: laputopu yanu yatsika, tsopano ndi 745, mukupulumutsa 22 peresenti. Masamuwo ndi oona ndithu, koma awerengedwa kuchokera pa 950, mtengo umene pafupifupi palibe anagulirapo. Poyerekeza ndi mbiri ija, 745 ndi mtengo wamasiku onse. Poyerekeza ndi nambala ya mayiyu, wapitirira ndi 75. Uthengawu ndi woti angouwerenga n'kuutseka.

Kunena n'kosavuta, koma kuchita kwake kumavuta, ndipo si chifukwa choti munthu ndi wopusa. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasonyeza mu 1974 kuti nambala yoyamba imene munthu waona imakoka kuweruza kwake konse, ngakhale nambalayo itakhala yopanda maziko. Maso akangogwera pa 950, mtengo uliwonse wapansi pake umaoneka ngati mwayi. Opanga malamulo akudziwa zimenezi. M'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, kuyambira mu Meyi 2022, wogulitsa akalengeza kuti watsitsa mtengo amayenera kusonyeza mtengo wotsikitsitsa umene anagulitsira chinthucho m'masiku osachepera 30 apitawo. Lamulo lotere silili kulikonse, ndipo ngakhale komwe lili, masiku 30 ndi ochepa poyerekeza ndi chaka chathunthu chimene inu mungaone nokha. Nambala yanu yolemba ija imagwira ntchito yomweyo: ndiyo imayamba kukhala m'mutu mwanu, ya wogulitsa n'kubwera pambuyo.

Sabata yachisanu, foni yaliranso, ndipo ulendo uno ndi uthenga uja anatchera yekha: 655. Apa mtima umagunda, chifukwa nambala yafika. Komabe mayiyu asathamangire batani logulira. Atsegule tsambalo aone zinthu zitatu zimene uthenga sunena. Kodi ndi laputopu yomweyo? Opanga amatulutsa makina a dzina limodzi koma zam'kati zosiyana, wina wa 16 GB wina wa 8 GB, ndipo tsamba limodzi limatha kusunga yonse iwiri. Kodi wogulitsa ndi yemwe uja, kapena ndi wamalonda wina amene akugulitsira pamsika womwewo, mwinanso katundu wake ndi wogwiritsidwapo kale ntchito n'kukonzedwanso? Nanga akaika mudengu n'kufika pa tsamba lolipirira, zonse pamodzi zikukwana zingati? Tinene kuti wapeza kuti ndi wamalonda wina, ndipo kutumiza akulipiritsa 40. Zonse ndi 695. Nambala sinafike, inangooneka ngati yafika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake pano ndi kwa mphindi zisanu zokha zowerenga tsamba mpaka pansi.

Pa tsamba lomwelo ndi pamene mumakumana ndi zokankha zina: kawotchi kowerenga mphindi chobwerera m'mbuyo, mawu ofiira oti zatsala ziwiri zokha, ena oti anthu 14 akuyang'ana chinthuchi pompano. Zina mwa izi zimakhala zoona, zina ayi. Mu 2019 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain linachititsa masamba akuluakulu osungitsira malo ogona, kuphatikizapo Booking.com ndi Expedia, kulonjeza kuti asiya kupereka chithunzi cholakwika cha kuchepa kwa zipinda pofuna kufulumizitsa anthu. Njira yoyesera ilipo yosavuta. Tsegulani tsamba lomwelo pa chipangizo china, kapena mubwerenso pakapita ola. Kawotchi kakayambiranso pachiyambi, dziwani kuti sikakuwerenga chilichonse. Koma ngakhale katakhala koona, sikasintha masamu anu. Chinthu chodula kuposa nambala yanu sichitchipa chifukwa choti chatsala chimodzi.

Sabata yachisanu ndi chiwiri uthenga wabwera wa 665, wogulitsa yemwe uja, makina omwe aja, kutumiza kwaulere. Apa mayiyu agule tsiku lomwelo. Ndikutsindika mfundoyi chifukwa pali anthu amene akaphunzira kudikira amapitirira nako, nambala ikafika n'kuyamba kuganiza kuti mwina sabata yamawa ifika 640. Kutero n'kuphwanya pangano limene munapangana ndi inu mwini mutu uli wozizira. Ndiponso mitengo yotsika chonchi sikhalitsa, ndipo masamba olondola mitengo sayang'ana sekondi iliyonse, amayang'ana mwa apo ndi apo, moti uthenga umatha kukupezani mtengo utakhalapo kale maola angapo.

Nanga zikanakhala kuti sabata yachisanu ndi chitatu yatha 670 osafika? Akanagula pa mtengo wabwino umene ulipo, kaya ndi 745, popanda kudziimba mlandu. Kuyamba maphunziro wopanda laputopu kuli ndi mtengo wakenso, ndipo n'chifukwa chake tsiku lomaliza linalembedwa pachiyambi pomwe.

Matikiti a ndege amafuna chenjezo lapadera, chifukwa mitengo yake imayenda mosiyana. Foni kapena laputopu imanka itchipa pamene ikukalamba ndipo yatsopano ikuyandikira kutuluka, choncho nthawi imakhala kumbali ya wodikira. Mpando wa m'ndege suli choncho. Mipando imagulitsidwa m'magulu a mitengo, gulu lotchipa likatha lotsatira limakhala lodulirapo, ndipo m'milungu yomaliza ulendo usanachitike mitengo kawirikawiri imakwera. Apa uthenga umene umaopsa anthu ndi woti mtengo wakwera, munthu n'kugula mwamantha ulendo ukadali kutali miyezi isanu. Kukwera kamodzi sikutanthauza kuti basi yapita; kukadali nthawi yaitali, mitengo imakwera n'kutsikanso. Google Flights pa maulendo ambiri imasonyeza ngati mtengo walero uli wotsika, wapakati kapena wokwera poyerekeza ndi masiku ena, ndipo chimenecho n'chothandiza kuposa uthenga wa kusintha kwa dzulo ndi lero. Kusiyana kwake ndi katundu wamba n'kwakuti tsiku lanu lomaliza likhale kutali ndithu ndi tsiku lonyamuka, makamaka ngati ulendo wagwera m'nyengo ya tchuthi, ndipo mtengo umene mwauona muutsimikize pa tsamba la kampani ya ndegeyo, chikwama ndi mpando zitawerengedwa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamathandiza kwambiri: komwe uthenga umafikira. Uthenga wotulukira pagalasi la foni umakupezani muli wotopa, muli pamzere, muli pabedi usiku, nthawi imene munthu amadina asanaganize. Zimitsani mauthenga a mapulogalamu a masitolo pafoni, musiye a pa imelo okha, amene mungawaone kamodzi patsiku mutakhala pansi. Chotsaninso khadi lanu la kubanki pa tsambalo kuti polipira muzichita kulemba manambala ake. Ndipo musatchere uthenga pa chinthu chimene simunatsimikize kuti muchigula, chifukwa mndandanda wa zinthu 20 umatulutsa chotsika mtengo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo posakhalitsa mumayamba kugula chifukwa chatsika, osati chifukwa mumachifuna.

Mukagula, fufutani uthengawo tsiku lomwelo. Ungatsale pa chifukwa chimodzi chokha: ngati wogulitsa ali ndi lamulo lobweza ndalama yapamwamba mtengo ukatsika m'masiku angapo mutagula, kapena ngati tikiti yanu ndi yololedwa kusintha popanda chindapusa. Zikatero usiyeni mpaka masikuwo athe, mulembe tsiku lake pa kalendala, likakwana muuzimitse.