Musafufute mafayilo a .part, ndawapota nanu

Sabata yatha mphunzitsi wina anabwera ndi laputopu, nkhope ili yakugwa. Ankadawuniloda mndandanda wa mavidiyo 120 a masamu ndi pulogalamu yodawunilodera mavidiyo ya yt-dlp, magetsi n'kuthima ali pa vidiyo ya 47. Atayatsanso anaona fayilo yothera ndi `.part` imene sinkatseguka, nayifufuta poganiza kuti yawonongeka. Kenako anasintha kalembedwe ka mayina kuti aoneke bwino, n'kuyambitsanso. Pulogalamuyo inayambira pa vidiyo yoyamba, bandulo yonse n'kuthera pa zinthu zomwe anali nazo kale. Nkhaniyi imandiwawabe, chifukwa panalibe chimene chinawonongeka.

Fayilo ya `.part` ndi vidiyo yomwe yafika pakati. Mukayendetsanso lamulo lomwelo mufoda yomweyo, yt-dlp imapitiriza pomwe inalekera, ndipo simufunika kulemba `--continue` chifukwa imachita zimenezi mwa iyo yokha. Mudzaona mawu akuti `Resuming download at byte` pasikirini. Koma imazindikira ntchito yake yakale ndi dzina la fayilo basi. Mukasintha dzinalo, kwa iyo ndi vidiyo yachilendo. Choncho dzina lisankheni musanayambe, musadzaligwirenso. Ine ndinamulembera lamulo ili, ndipo pamene pali URL muike linki ya mndandanda wanu:

```
yt-dlp -o "%(playlist_title)s/%(playlist_index)03d - %(title)s [%(id)s].%(ext)s" --download-archive zatha.txt "URL"
```

Mbali yoyambayo imapanga foda ya dzina la mndandanda. Ka `03d` kaja musakapeputse: kamakakamiza nambala kukhala ya manambala atatu, 001, 047, 120. Mukakasiya, yt-dlp imawerengera yokha maziro potengera kutalika kwa mndandanda. Lero uli ndi mavidiyo 99, fayilo ndi 07. Mawa mwini wake awonjezera imodzi, fayilo yomweyo ikufunidwa ngati 007, ndiye zonse ziyambiranso.

Ngakhale zili choncho nambala si yodalirika kwenikweni. Mwini mndandanda akalowetsa vidiyo yatsopano pakati, zonse za m'munsi mwake zimasuntha. Apa ndi pomwe `zatha.txt` imakupulumutsani. Vidiyo ikatha bwinobwino, nambala yake yoizindikirira ija ya `id` imalembedwa m'menemo, ndipo ulendo wina imadumphidwa ngakhale dzina litasintha kapena mutasamutsira mavidiyowo pa fulashi. Dziwani kuti yothera panjira silembedwamo. Imeneyo imadalirabe `.part` yake, ndiye musachedwe masabata musanapitirize, mndandanda ungasinthe.

Mukaonanso mafayilo awiri a vidiyo imodzi, ina ili ndi `.f137` m'dzina, asiyeni. Chithunzi ndi mawu zimabwera padera, pulogalamu ya ffmpeg ndiyo imaziphatikiza pomaliza.

Ndipo chonde, zikakanika musathamangire kwa anyamata okuikirani timapulogalamu tachilendo "tothamanga kwambiri". Ndatopa kuchotsa mavairasi obwera nato. Nthawi zambiri vuto ndi yt-dlp yakale, poti YouTube imasinthasintha. Yambani ndi `yt-dlp -U`, kapena ikonzeni kudzera pa `pip` ngati munaiika motero, kenako yendetsani lamulo lija osasintha chilembo ngakhale chimodzi.