Chitowe ndi mpendadzuwa zonyowa sizipita pa chiwaya, chonde

Ine ntchito yanga ndi ya kadyedwe, ndiye funso ili ndatopa nalo: "Asisi, ndaviika, ndakazinga, koma zikuwawa komanso zikununkha, bwanji?" Pafupifupi nthawi zonse yankho ndi limodzi, simunaumitse.

Kuviika pakokha nkwabwino. M'njerezi muli faiteti yemwe amagwira ayironi ndi zinki kuti thupi lisatenge zonse, madzi amamuchepetsako pang'ono, osati kumuthetseratu ngati mmene amanenera ogulitsa a pa WhatsApp aja. Chitowe chosasenda chimachepanso kuwawa mukachiviika nkuchitsukuluza. Maola 6 akwana, mukachulutsa 8, ndiye tayani madziwo. Masiku otentha ikani mu fuliji.

Nkhani yomwe imandiwawabe mpaka pano ndi ya mayi wina waku Rosettenville kuno ku Joni. Anagula makilo 2 a mpendadzuwa wosenda ku Fordsburg mu Januwale, anaviika Lachisanu madzulo nkudzakumbukira Lamulungu atabwera ku tchalitchi, madzi atachita kale thovu njere zili tererere. Anangotsanula nkuponya pa chiwaya moto uli waukulu, kunja zinapsa mkati muli mofewa, kenako anatsekera m'botolo zikadali zotentha. Patatha sabata botolo lachita thukuta, pansi pamera chuku. Mukudziwa anatani? Anatsuka, nkukazinganso, nkumapatsa ana popita kusukulu. Amayi anga inu! Poizoni wa chuku samatha ndi moto wa pa chiwaya, zikamera chuku ndi zotaya basi ngakhale ndalama ikupweteke.

Mukatsanula yalani pa kansalu koyera, mopyapyala. Kuno ku Joni mu Juni ndi Julaye mphepo ndi youma, tsiku limodzi zimatheka, koma nthawi ya mvula musadalire dzuwa, ikani mu uvuni moto wochepa kwambiri chitseko chili chotsegulako. Kuti mudziwe kuti zauma, chitowe chisamamatire ku zala, ndipo njere ya mpendadzuwa ithyoke osati kupindika.

Zikauma mpamene mukazinge, pachiwaya popanda mafuta poti pafupifupi theka la njerezi ndi mafuta kale. Chitowe mphindi 3 kapena 5 pamoto wapakati, mukutakasa osasiya, chikayamba kuthetheka ndi kununkhira phulani nkukhuthulira m'mbale yomweyo chifukwa chiwaya chotentha chimapitiriza kuwotcha. Mpendadzuwa ndi waukulupo, umafuna mphindi ngati 8, choncho osaziphatikiza. Zizizire kaye musanatseke.

Komanso chitowe sinjani, anthuni. Chathunthu chambiri chimangodutsa m'mimba nkutuluka mmene chinalowera, ndiye kuvutika konse kuja kwapita pachabe. Sinjani cha masiku ochepa chabe, chosinja sichichedwa kuyamba fungo la mafuta akale.

Mwana akadya chitowe nkutupa milomo kapena kubanika, thamangani naye kuchipatala pompo. Wina asakunamizeni kuti mukadzaviika nthawi yaitali adzachizolowera.