Nkhope ya munthu si yanu, ngakhale chithunzicho anachiika yekha pa Facebook

Pa ntchito yanga ya uloya pali mawu awiri amene ndatopa nawo zedi. Ena amati "chithunzicho anachiika yekha pa Facebook ndiye ndi cha aliyense", ena amati "ine ndimangoseka". Ayi abale. Munthu akaika chithunzi chake cha pa chinkhoswe wakulolani kuti muchione basi, sanakupatseni nkhope yake kuti muidule nkukaimata pa thupi lina kapena pa malo amene phazi lake silinapondepo. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, gawo 19 limateteza ulemu wake, ndipo ufulu wolankhula wa mu gawo 35 sukufufuta zimenezi.

Funso lalikulu ndi loti kodi munthu wamba woona chithunzicho angakhulupilire kuti zinachitikadi? Katuni ya nduna ya mutu waukulu mu nyuzipepala aliyense amadziwa kuti nzojambula, ndipo andale ayenera kupilira zotero. Koma kumbukirani chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma mu Malichi 2023, chinali chopangidwa ndi pulogalamu ya kompyuta yopanga zithunzi yotchedwa Midjourney koma anthu ambirimbiri anachikhulupilira. Chija sichinaononge banja la munthu, nanga chikakhala cha mzimayi wa mmudzi mwanu? Ndipo kulemba kuti "nzopeka" pansi pake sikukupulumutsani kwenikweni chifukwa chikadutsa mafoni awiri atatu mawuwo amakhala atadulidwa, chatsala ndi nkhope yokha.

Pali mayi ena amene nkhani yawo imandiwawabe mpaka lero. Mnzawo wina amene anayambana naye pa ndalama za banki mkhonde anatenga nkhope yawo pa chithunzi cha ku ukwati nkuiika ngati akutuluka mu loji ndi bambo wina. Mukachiyang'anitsitsa zimaoneka ndithu, kuwala kwa kunkhope kumachokera kumanzere pomwe mthunzi wa thupi umaonetsa kuti dzuwa lili kumanja, khungu la pakhosi limasiyana ndi la kumaso, ndolo ina inali yosungunuka ngati phula. Koma ndani amayang'ana ndolo pa gulupu ya ku tchalitchi? Amuna awo anawauza kuti akayambe akhala kwawo.

Anafika kwa ine patatha masabata atatu atafufuta zonse mu foni chifukwa cha manyazi, komanso atalipira mnyamata wina amene anawalonjeza kuti achifufuta mmafoni a anthu onse. Ndikunena mobwereza, palibe munthu angalowe mmafoni a anthu pa WhatsApp nkufufuta chithunzi chimene chatsitsidwa kale, amene akukuuzani zimenezo akungofuna ndalama zanu, ndipo ena mwa iwo mukawatumizira chithunzicho amayamba kukuopsezani nacho iwo omwe. Timadziwa amene anachipanga, koma kudziwa si umboni. Adimini anali atatseka gulupu ija, ndipo amene anachiona amakana kukaima mu khoti.

Ndiye zikakuchitikirani, tsiku lomwelo jambulani sikirinishoti yoonetsa nambala ya amene watumiza, dzina la gulupu, tsiku ndi nthawi. Ngati ndi pa Facebook koperani linki ya positiyo ndi ya akaunti yake musanachite lipoti, poti akachichotsa umboni wapita nawo. Sungani chithunzi chanu chenicheni chimene anadulapo nkhope, chimenecho nchimene chimagwetsa bodza pamaso pa khoti. Kenako pitani ku polisi, lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kapena kumutumizira zonyoza kudzera pa makina. Ngati chili cholaula ndipo ndinu wa zaka 18 kupita mtsogolo, tsamba la pa intaneti la StopNCII.org limathandiza kuti masamba ngati Facebook ndi Instagram achitseke, ndipo chithunzicho sichichoka mu foni yanu, chimapita ndi chidindo chake chokha. Wa pa chithunzicho akakhala mwana musachisunge kapena kutumizira aliyense, thamangirani ku polisi.

Ena amva zoti mu 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lija lomanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndiye akuona ngati msewu watseguka. Sichoncho. Woipitsidwayo akhoza kukusumirani ndithu kuti mumulipire chipukuta misozi, ndipo pa mlandu woipitsa mbiri amene wangopatsira ena naye amawerengedwa kuti wafalitsa, kaya sanapange ndi iye. Mayi aja chithunzi chinawapeza kudzera kwa mlamu wawo amene anachitumiza ku gulupu ya pa banja akuti pofuna kufunsa ngati zili zoona.