Kwale ikubwera pafupi ndi mudzi wanu: masamba oyenera kuwerenga mu lipoti lake

Munthu asanayambe kukumba ndi kuphwanya miyala ya kwale ndi makina, lamulo loyang'anira zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchitoyo iyambe yaunikidwa. Mwini ntchito amatumiza kalata yofotokoza zomwe akufuna kuchita ku bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA, ndipo bungwelo ndilo limagamula ngati pakufunika kafukufuku wathunthu, uja amamutcha ESIA, kapena ndondomeko yaifupi yochepetsera zovuta. Akatswiri olemba lipoti amalipidwa ndi mwini kwale yemweyo. Izi n'zololedwa, komabe ndi chifukwa chokwanira choti anthu a m'mudzi aliwerenge ndi maso awo.

Lipotilo limakhala lochindikala, ndipo masamba ambiri amangofotokoza malamulo, mvula ndi mitengo ya m'deralo. Mukhoza kuwadumpha. Pitani chakumapeto, pomwe pali tebulo la malonjezo: vuto lililonse, chomwe adzachite, wodzachita, nthawi yake ndi ndalama zake. Malonjezo a m'tebuloli ndi omwe mudzamugwire nawo mwini kwale m'tsogolo muno, choncho lililonse liyenera kukhala ndi nambala yoti munthu n'kuiwerengera.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Kwale yaing'ono ili m'mbali mwa kaphiri kuno ku Zomba, ikufuna kutulutsa matani 200 a miyala patsiku. Tipa imodzi imanyamula matani 20, ndipo kuchoka pa kwale kukafika pa tala pali makilomita awiri a msewu wafumbi wodutsa pakati pa nyumba. Matani 200 ndi maulendo 10 odzaza, koma tipa iliyonse imabweranso yopanda kanthu, ndiye pakhomo panu galimoto zikuluzikulu zizidutsa ka 20 patsiku. Malipoti ena amangolemba 10 yokhayo.

Pa fumbi la mumsewu, pafupifupi lipoti lililonse limati tidzathira madzi. Funsani kuti angati. Msewu wa mamita 2,000 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi ukathiridwa lita imodzi pa kachigawo kalikonse ka mita imodzi mbali zonse, pamapita malita 12,000 ulendo umodzi. Mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, madziwo sachedwa kuuma, ndiye tinene kuti athira katatu: malita 36,000 patsiku, zomwe ndi ndowa 1,800 za malita 20. Apa sitinawerengere madzi opopera pa makina ophwanyira miyala.

Nanga madzi onsewo achokera kuti? Fumbi limavuta kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, nthawi yomwenso mitsinje yaphwa ndipo madimba akudalira madzi ochepa omwewo otsala. Ngati lipoti likuti adzatunga mumtsinje, litchule mtsinjewo, malo otungira, ndi chilolezo chochokera ku bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno malinga ndi lamulo la madzi la 2013. Likapanda kutero, ndimakayika ngati galimoto ya madziyo idzaoneke kupitirira sabata yoyamba. Mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Thondwe imathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosazama. Chifukwa chake pafunikanso mzere wofotokoza ngalande ndi dziwe losungira matope, kuti mvula ya Januwale isakokolole phulusa la miyala kupita nalo kumtsinje.

Fumbi la pa makina ndi loopsa kuposa la mumsewu. Miyala yolimba yambiri imakhala ndi silika, ndipo ikamabooledwa kapena kuphwanyidwa youma imatulutsa tifumbi tosaoneka ndi maso tomwe timakakhazikika m'mapapo. Pakapita zaka mapapo amauma, munthu amabanika akangokwera kachitunda, ndipo chifuwa chachikulu chimamugwira mosavuta. Matendawa, silikosisi, alibe mankhwala ochiza. Kansalu kotchinga pakamwa sikaletsa fumbi limeneli. Choletsa ndi kuboola mwala kwinaku madzi akuthiridwa ndi kupopera madzi pomwe mwala ukulowa ndi kutuluka m'makina, ndipo pafunikanso kupima ogwira ntchito kuchipatala asanayambe komanso pakapita nthawi. Ambiri mwa ogwira ntchitowo adzakhala ana a m'mudzi momwemo, choncho musauone mzerewu ngati nkhani ya kampani yokha.

Mikangano yambiri imabuka pa kuphulitsa miyala. Kunjenjemera komwe kumafika panyumba kumadalira kwambiri zinthu ziwiri: kutalika kwa mtunda, ndi kuchuluka kwa wonga wophulika pa kamphindi kamodzi. Wophulitsa wodziwa ntchito sayatsa maenje onse a wonga nthawi imodzi. Amawasiyanitsa pang'ono kwambiri, moti khutu limamva ngati kugunda kumodzi koma nthaka imalandira zigunda zing'onozing'ono zotsatizana. Mwachiyerekezo, kuchepetsa wonga wa kamphindi kamodzi kanayi kuli ngati kusuntha nyumba kuti italikire kawiri. Lipoti labwino limatchula mtunda wa nyumba yoyandikira kwambiri, mlingo wa wonga womwe sadzapyola, ola lophulitsira, belu kapena wezulo yochenjeza, ndi anthu otseka njira zodutsa ana asukulu ndi abusa a ziweto, poti zibenthu za miyala zimatha kuuluka kutali.

Tsopano nachi chomwe ndimachiumirira pa msonkhano uliwonse wokambirana za kwale. Nyumba za zidina, kapena za njerwa zomangira dothi, zimang'aluka ngakhale popanda kwale. Tsiku lomwe mayi wina adzadandaule kuti khoma lake lang'ambika, kampani idzati mng'aluwo ndi wakale, ndipo popanda umboni nkhani imathera pomwepo. Ndiye asanaphulitse ulendo woyamba, nyumba iliyonse yapafupi ijambulidwe mkati ndi kunja, mng'alu uliwonse uyezedwe ndi rula n'kulembedwa tsiku, mwini nyumba asaine, a nyakwawa achitire umboni, ndipo pepala limodzi litsale m'manja mwa mwini nyumbayo. Kenaka mng'alu wa chala chimodzi ukadzafika zala zitatu, palibe wokana.

Zitsime nazo zichitidwe chimodzimodzi. Dzenje la kwale likazama kufika pa madzi a pansi, n'kumawapopera kunja kuti ntchito iziyenda, zitsime zosazama zapafupi zikhoza kutsika. Chingwe chomangirira kamwala n'chokwanira kuyezera pomwe madzi alekeza. Muyeze kawiri, kumapeto kwa dzinja ndi mu Okutobala, chifukwa muyeso wa mu Malichi wokha udzachititsa kuti kuphwa kulikonse kunamiziridwe chilimwe.

Za minda yotengedwa, chipukutamisozi ndi manda zimakhala ndi chigawo chake. Onetsetsani kuti mayina olembedwa ndi a anthu olimadi mindayo, makamaka amayi, poti kuno malo ambiri amatsata kuchikazi, komanso kuti ndalama ziperekedwa makina asanalowe. Muonenso komwe mungakatule dandaulo ndi masiku omwe yankho liyenera kubwera. Ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma ndi yomwe ili pafupi nanu.

Mzere wotsiriza wa tebulo umakhala wotseka kwale. Dzenje losiyidwa limadzaza madzi a mvula, m'mbali mwake mumakhala mophedi, ana amakasambiramo n'kumira, ndipo udzudzu ndi nkhono za likodzo zimaswana m'mphepete. Mzerewu unene komwe dothi lapamwamba lisungidwe poyamba, m'mene makoma a dzenje adzawagonekere, mpanda wake, ndi ndalama zomwe zizipatulidwa chaka chilichonse kwale ikadagulitsa miyala. Ngati pa malo a ndalama palembedwa kuti zidzaoneka mtsogolo, pemphani kuti alembepo nambala lipotilo lisanavomerezedwe, ndipo pempho lanulo lilowe m'kaundula wa zokambirana za pa msonkhano.